Makiyi mwalandira, nanga zimene zili m'mutu mwa amene akuchokayo?

Alamu anga anapatsidwa udindo woyang'anira depoti ina ya feteleza, mbewu ndi zokolola pa Kasungu boma. Bambo amene analipo anasamutsidwira kumpoto. Tsiku losiyirana ntchito, awiriwa anazungulira shedi yonse, anawerenga milu ya matumba, manambala anagwirizana ndi a mu kompyuta, anasainirana, makiyi n'kusintha thumba. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, alimi ali yakaliyakali kusaka zipangizo mvula isanagwe.

Patatha masabata atatu, pageti panaima lole. Anali alimi a kalabu ina ya ku Chamama, malisiti ali m'manja, akufuna matumba 300 a NPK amene analipira mu Seputembala. M'shedimo munatsala matumba 190 okha.

Mkangano umene unatsatira ndaumvapo m'madepoti ambiri, mawu ake amodzimodzi. Wolowa amati mnzanga anandibisira. Wochoka amati ndinamuuza pakamwa, tikudya nsima masana. A ku likulu amati inu nonse munasaina kuti zonse zili bwino. Sindikufuna kuweruza mlanduwu pano. Ndikufuna kufotokoza pepala limene linasowa tsiku limenelo, chifukwa ambiri amaganiza kuti kusiyirana ntchito ku depoti ndi kuwerenga matumba basi.

Handova ndi chiyani kwenikweni

Mawu akuti handova amatanthauza kusiyirana ntchito pakati pa amene akuchoka ndi amene akulowa. Ku depoti muli zinthu zitatu. Choyamba ndi makiyi, maloko, mabuku ndi zida monga sikelo. Chachiwiri ndi kuwerenga sitoko, kutanthauza katundu yense amene ali m'shedi tsiku limenelo. Chachitatu ndi kalata imene wochokayo amalembera womulowa m'malo, yofotokoza ntchito zimene zili pakatikati, mavuto amene akuwadziwa, ndi khalidwe la anthu amene amatumiza katundu. Ziwiri zoyambazo palibe amaziiwala, chifukwa abwana amazifunsa. Chachitatuchi n'chimene chimatsalira.

Taganizirani mayi amene waitanidwa mwadzidzidzi ku maliro ndiwo zili pamoto. Sauza mwana kuti m'khitchini muli miphika inayi ndi mbale khumi, mwanayo maso ali nawo. Amamuuza kuti mchere ndathira kale, tomato sindinaike, ndipo nsima ya m'bakuli ija ndi ya agogo, usaigwire. Kalata ya handova ndi mawu amenewa. Kuwerenga sitoko kumanena zimene zilipo. Kalatayo imanena zimene zachitika kale, zimene zatsala, ndi zimene zili ndi eni ake ngakhale zikuoneka ngati za pakhomo.

Katundu amene ali pansi koma si wogulitsa

Tiyambe ndi zimene zinagwetsa alamu anga, chifukwa pamenepa ndi pamene ambiri amapunthwa.

Tsiku la handova, mulu wa NPK unali ndi matumba 840 a makilogalamu 50. Kompyuta nayo inkati 840. Palibe ananama. Koma mwa matumba amenewo, 300 anali olipiridwa kale ndi kalabu ya ku Chamama, imene inapempha kuti iwasungire kufikira itapeza galimoto. Ena 120 anali atalonjezedwa ku shopu ya kampani yomweyo pa Santhe, ndipo pepala lowasamutsira linali pa desiki ya manejala. Enanso 25 anali ong'ambika, osokedwa mongogwirizira, oti sangagulitsidwe pa mtengo wonse. Mukachotsa 300, 120 ndi 25 pa 840, mutsala ndi 395. Amenewo ndiwo anali matumba ogulitsa.

Alamu anagulitsa 650, akuona kuti malonda akuyenda. Pa 190 otsalawo, abwino anali 165, pamene ngongole ya matumba inali 420. Anapyola ndi matumba 255, ndipo palibe tsiku limene manambala a mu kompyuta anawachenjeza.

Zimatheka bwanji? Yankho lili pa nthawi imene buku kapena kompyuta imachotsa katundu. M'makampani ena katundu amachoka m'buku pamene kasitomala walipira. M'makampani ena amachoka pamene watuluka pageti. Pa depoti ya alamu amachotsa potuluka, ndiye ndalama za a Chamama zinali m'mabuku a kashiya, pomwe matumba awo anali kuonekabe ngati a kampani. Kukanakhala kuti amachotsa polipira, vuto likanabwera mwa mtundu wina: kompyuta ikanati 540, pansi n'kupezeka 840, ndipo munthu watsopano akanaganiza kuti pali matumba 300 opitirira. Ndinaonapo wina akuthamangira kukanena ku likulu kuti wapeza katundu wobisidwa, pamene anali wa eni ake. Choncho mzere woyamba wa kalata yabwino umanena kuti pa depoti ino katundu amachoka m'buku nthawi iti.

Kenako oda iliyonse ya kasitomala imene sinathe imafuna ndime yakeyake. Oda yotseguka ndi imene yayambika koma sinatsekedwe: ndalama zalowa katundu sanatuluke, kapena watuluka theka, kapena watuluka koma ndalama sizinalowe. Ndime yake ikanaoneka chonchi:

"Achimwene, pa mulu wa NPK wa kufupi ndi chitseko chachiwiri, matumba 300 ndi a kalabu ya ku Chamama. Analipira onse pa 18 Seputembala, lisiti lili mu fayilo yofiira, ndipo analipira pa mtengo wakale. Sanatengeko ngakhale limodzi. Wololedwa kudzatenga ndi wapampando limodzi ndi msungichuma, osati mmodzi yekha, chifukwa chaka chatha anakangana. Anati abwera mvula yoyamba ikangogwa, koma musadabwe akafika msanga."

Onani zimene zili m'ndimeyi: mulu wake uti, angati, analipira liti, umboni uli pati, watengako angati, wotenga ndani, abwera liti. Mawu akuti pa mtengo wakale ndi ofunika kwambiri. Mukagulitsa matumba a munthu, mudzamubwezera ndi matumba a lole yotsatira, ndipo ngati mtengo wakwera pakatipo, kusiyanako kumagwera kampani, kenako kumafunsidwa kwa inu.

Ine ndimaonjeza kuti kalata payokha sikwanira pa nkhani imeneyi. Katundu wa eni ake ayenera kupatulidwa pa mulu wake, n'kulembedwa ndi choko kapena kupachikidwa katoni yolembedwa dzina. Amaganyu okweza katundu sawerenga fayilo yofiira, amanyamula thumba limene lili pafupi ndi chitseko.

Oda zimene zili m'njira

Mbali inayo ndi katundu amene depoti inaitanitsa. Apa pali mapepala anayi amene munthu ayenera kuwasiyanitsa. LPO ndi pepala limene kampani imalembera sapulaya, yemwe ndi wogulitsa katundu ku kampaniyo, kumuuza kuti titumizireni zakutizakuti pa mtengo wakuti. Delivale noti ndi pepala limene dalaivala amabwera nalo, lonena zimene sapulaya akuti wapakira. GRN ndi pepala limene inu a ku depoti mumalemba, lonena zimene mwalandiradi mutawerenga. Invoisi ndi pepala limene sapulaya amafunira ndalama zake. Oda imatsekedwa pokhapokha mapepala anayiwa akunena chinthu chimodzi. Pamene akusiyana, pali nkhani, ndipo nkhaniyo nthawi zambiri ili m'mutu mwa amene analandira lole.

Tiyerekeze kuti depoti inaitanitsa matumba 1,200 a yureya kuchokera ku Kanengo ku Lilongwe. Lole ya matani 30 imanyamula matumba 600, ndiye ndi maulendo awiri. Yoyamba yafika, delivale noti ikuti 600. Potsitsa mwapeza 597, ndipo mwa amenewo 5 anyowa m'njira n'kuuma gwa ngati mwala, poti yureya sachedwa kukoka chinyezi. Abwino ndi 592. Woyang'anira walemba GRN ya 592, wapatula asanu aja pakona, waimbira foni sapulaya, ndipo kumeneko ayankha kuti tidzaonjezera 8 pa lole yachiwiri. Invoisi yawo yapita ku likulu ikunenabe 600. Sabata yomweyo woyang'anirayo wasamutsidwa.

Wolowa m'malo akapanda kuuzidwa, zinthu zitatu zikhoza kuchitika. Akhoza kuona yureya akuchepa n'kupempha oda yatsopano, osadziwa kuti 600 ena ali kale m'njira, kenako malole awiri n'kufika tsiku limodzi malo oika palibe. Akhoza kulandira lole yachiwiri ili ndi 600 ndendende, n'kusaina mosangalala, lonjezo la matumba 8 lija n'kufera pomwepo. Akhozanso kupeza matumba asanu ouma pakona, n'kuwatenga ngati owonongekera pa depoti, kampani n'kuluza katundu amene anayenera kubwezedwa ndi sapulaya kapena mwini lole.

Ndime ya m'kalata iyenera kutchula nambala ya LPO, kuchuluka kwa zoitanitsidwa, zimene zafika, zimene zatsala, ndi chosowacho. Koma chachikulu ndi ichi: lonjezolo linaperekedwa ndi ndani, tsiku liti, ndipo linalembedwa kapena linali la pafoni? Ngati linali la pafoni, wochokayo asanapereke makiyi atumize uthenga kwa sapulaya wobwereza zimene anagwirizana, ndi kutchula amene akumulowa m'malo. Lonjezo la pakamwa limakhala pakati pa anthu awiri, mmodzi akachoka winayo saona chomumanga.

Pali mtundu wina wa oda yotseguka umene sulembedwa paliponse, ndiwo kubwerekana. Madepoti oyandikana amathandizana: lero mwabwereka malona awiri, mawa mwabwereketsa mapaleti 30, matabwa aja osanjikirapo matumba, kapena matumba 40 opanda kanthu. Si kuba, ndi mmene ntchito imayendera nthawi ya pikitipikiti. Koma tsiku limene owerengera chuma a kampani afika, mapaleti 30 amene ali kwa aneba amaoneka ngati osowa, ndipo wofunsidwa ndi amene ali ndi makiyi.

Mavuto amene wochoka anawazolowera

Gawo ili ndi lovuta kulemba, osati chifukwa cha kubisa kokha. Munthu amene wakhala pa depoti zaka zisanu saonanso zina ngati mavuto. Amadziwa kuti lata lachitatu kuchokera kukhoma la kummawa limadontha, ndiye sasanjikapo kanthu, ndipo waiwala kuti n'chifukwa chiyani pamalopo pamakhala popanda katundu. Watsopano akafika mu Okutobala kuli gwa, amaona malo abwino ongokhala, n'kuikapo mbewu ya chimanga. Mvula ya Disembala ndiyo imadzamuuza. Njira yabwino yokumbukira zoterezi ndi kulemba kalatayo mukuyenda m'shedi, kuima pa malo aliwonse n'kudzifunsa kuti pano ndimachita chiyani chimene mlendo sangachidziwe.

Pa mavuto onse, awiri ndi amene amamangitsa anthu osalakwa, ndiwo sikelo ndi chinyezi.

Sikelo ikamaonjeza magalamu 300 pa thumba, palibe amaona ndi maso. Imati 50 pamene m'thumba muli 49.7. Mukagula chimanga kapena soya kwa alimi pa sikelo imeneyo, pa matumba 600 mwalipira makilogalamu 180 amene kulibe, kuposa matumba atatu ndi theka. Ikamachepetsa, oluza ndi alimi, ndipo mbiri ya depoti imaipa m'midzi. Sikelo zamalonda zimayenera kuyesedwa ndi kudindidwa ndi a bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, choncho kalata inene tsiku limene anaiona komaliza, ndi ngati yagwapo kapena kukonzedwa kuchokera pamenepo. Wolowa asangokhulupirira. Atenge thumba limodzi, aliyeze pa sikelo zonse za pa depoti, aliike pakati kenako m'mphepete mwa sikeloyo. Ngati manambala akusinthasintha, alembe zimenezo asanasaine.

Za chinyezi zimafuna kufatsa pang'ono. Chimanga chosunga chimayenera kukhala chouma, chinyezi chake chili pafupifupi 13 pa 100 alionse. Koma mu Meyi ndi Juni, ogula akamalimbirana, madepoti ena amalandira chosaumitsitsa. Tinene kuti munalowa matumba 600, makilogalamu 30,000, chinyezi chili pa 16. Ndiye kuti pa makilogalamu 100 alionse, 84 ndi chimanga chenicheni, 16 ndi madzi. Chikauma kufika pa 13, chimanga chenichenicho sichisintha, koma tsopano ndi magawo 87 pa 100. Mukachulukitsa 30,000 ndi 84 n'kugawa ndi 87, mupeza makilogalamu pafupifupi 28,966. Apita makilogalamu oposa 1,000, ofanana ndi matumba 20 ndi kanthu, popanda munthu kukhudza mulu.

Pa handova mukawerenga matumba, apezeka 600, onse asangalala. Tsiku limene chimangacho chikakwera pa sikelo ya magalimoto ku Kanengo, tani imodzi isowa, ndipo dzina lomaliza pa pepala ndi la watsopano. N'chifukwa chake kalata iyenera kunena, mulu ndi mulu, kuti unalowa liti ndipo kamakina koyezera chinyezi kanati bwanji tsiku limenelo.

Kodi mungasiyanitse bwanji kuuma ndi kuba? Chimanga chikauma, matumba onse amapepuka mofanana. Mukatenga 20 m'malo osiyanasiyana, onse azungulira pa 48 ndi kanthu. Pakakhala dzanja la munthu, ena apezeka 50, ena 44, ndipo mukayang'anitsitsa muona timabowo ta chobayira kapena ulusi wosokera wosiyana ndi wa anzake. Kweraninso pamwamba pa mulu. Kuwerenga kwa masiku onse n'kochulukitsa matumba a mzere umodzi ndi kuchuluka kwa mizere, ndipo kumakhulupirira kuti m'kati ndi modzaza. Mulu ukhoza kukhala wokongola mbali zonse zinayi pakati pali dzenje.

Pali chinthu chimodzi chimene sichikhudza ndalama koma moyo. Madepoti a zokolola amapha anankafumbwe pofunditsa mulu ndi pulasitiki yaikulu n'kuikamo mapiritsi otulutsa mpweya wa poizoni. Mpweya umenewu umapha munthu. Ngati pali mulu wofunditsidwa, kalata inene pamwamba penipeni tsiku limene mankhwala anaikidwa, amene anaika, tsiku limene iwowo anati adzafundukule, ndi kuti wina aliyense asaukhudze. Mlonda ndi amaganyu auzidwenso pamaso pa woyang'anira watsopano, makamaka ngati ena amakonda kubisala mvula kapena kugona m'shedi. Tsiku la mankhwala omaliza limathandizanso kudziwa ngati anankafumbwe amene mukuwaona ndi obwera kumene kapena ndi chizindikiro chakuti ntchito ija sinagwire.

Khalidwe la masapulaya

Ili ndi gawo limene palibe kompyuta imalisunga. Kampani ili ndi dzina la sapulaya, nambala ya foni ya ku ofesi ndi mitengo. Wochokayo ndiye amadziwa kuti foni ya ku ofesiyo siyankhidwa, amene amayendetsa zinthu ndi mayi wina wa ku malo opakira, ndipo ukamuimbira mmawa isanakwane 9 koloko lole yako imalowa pamzere tsiku lomwelo. Amadziwa kuti sapulaya uyu akati mawa ndiye kuti masiku anayi, pomwe uja akati Lachitatu ndi Lachitatu ndithu. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Kasungu pa msewu wa M1 ndi mtunda wosakwana makilomita 130, lole ikhoza kunyamuka mmawa n'kutsitsa masana. Kuchedwa kwambiri sikuchitikira pamsewu, kumachitikira pamzere wopakira, pa kusowa kwa mafuta, kapena poti katunduyo sanafike n'komwe kuchokera ku madoko a Beira kapena Nacala. Wodziwa sapulaya wake amafunsa funso lolondola: katunduyo ali m'shedi mwanu kapena ali m'njira?

Zina zoti zilembedwe ndi nthawi imene malole amafika ndi zimene madalaivala amachita. Pali mwini malole amene magalimoto ake amakonda kufika Lachisanu madzulo, amaganyu ataweruka, dalaivala n'kuyamba kuchonderera kuti abwana ingosainani ndikagone ku Lilongwe, muwerenga mawa. Watsopano, pofuna kuoneka munthu wabwino, amasaina. Siginecha ya pa delivale noti imatanthauza kuti ndalandira zonse zili bwino, ndipo zosowa zopezeka mmawa mwake zilibenso mwini. Mzere umodzi wa m'kalata, wakuti musasaine musanawerenge, ndipo chosowa chilembedwe pa pepala lomwelo dalaivala asainenso, ukhoza kupulumutsa malipiro a mwezi. Masapulaya ambiri amaikanso malire a masiku odandaulira katundu wowonongeka, ena aafupi kwambiri, ndiye kalata inene malire a aliyense.

Mitengo nayo ili ndi khalidwe lake. Chichokereni pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, aliyense wogula katundu wochokera kunja anaphunzira kufunsa kuti mtengo mwandipatsawu ukhala masiku angati. Pali sapulaya amene amalemekeza mtengo wa pa LPO ngakhale zinthu zitasintha, pali wina amene amatsatira mtengo wa tsiku lopakira. Kwa oda imene yafika theka, kusiyana kumeneku ndi ndalama zenizeni.

Polemba gawo ili pafunika kusamala pakamwa. Kalata ya handova imasungidwa mu fayilo, imawerengedwa ndi abwana, ndipo tsiku lina ikhoza kutulutsidwa pa mlandu. Kulemba kuti awa ndi akuba sikuthandiza wolowa, ndipo kukhoza kumubweretsera wolembayo mavuto. Cholemba ndi chimene chinachitika: pa maulendo asanu omaliza, atatu anafika opelewera, ndi matumba 2, 3 ndi 3, ma GRN ake ndi awa. Wowerenga adziweruzira yekha, ndipo ali ndi poyambira akafuna kudandaula. Pa maganizo anga, wochokayo atchulenso zabwino. Sapulaya amene anakuthandizanipo Lamlungu katundu atatha ndi woyenera kudziwika, kuti watsopano asamulankhule mwamwano pa kachinthu kochepa.

Chifukwa chake ena salemba, ndi malire a kalatayi

Oyang'anira ena amazengereza kulemba zonse, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Amati ndikalemba kuti sikelo imanama, abwana afunsa kuti unali kuti nthawi yonseyi. Ndikalemba kuti chimanga chinalowa chosauma, adula ndalama zanga zomaliza. Ena amachoka atakhumudwa, ena amauzidwa Lolemba kuti Lachinayi akayambe kwina. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limati wolandira malipiro pamwezi apereke kapena apatsidwe chidziwitso cha mwezi umodzi ntchito ikamatha, ndipo mwezi ndi wokwanira kulemba kalata yabwino. Koma kusamutsidwa m'kampani momwemo nthawi zambiri kumachitika mofulumira kuposa pamenepo.

A mbali inayo amati kalatayo imateteza wochoka kuposa wina aliyense. Vuto limene mwalilemba, ndi tsiku limene munalinena kwa abwana, limakhala la kampani. Limene mwalisiya chete n'kudzatulukira patapita miyezi itatu limaoneka ngati munalibisa dala, ndipo simulipo kuti mufotokoze. Mbali zonsezi zili ndi mfundo, ndipo zambiri zimatengera mmene abwana a pamalopo amalandirira nkhani zoipa. Kumene wonena vuto amalangidwa, makalata a handova amakhala aafupi.

Kalatayi ilinso ndi zimene singachite. Silowa m'malo mwa kuwerenga sitoko pamodzi, pali mboni yachitatu, malonda ataimitsidwa kwa maola amenewo kuti katundu asamatuluke mukuwerenga. Si malo olembamo manambala achinsinsi olowera mu kompyuta: watsopano apatsidwe ake, a wochoka atsekedwe tsiku lomwelo, kuti chilichonse chochitika pambuyo pake chidziwike mwini wake. Ndipo siginecha ya wolowa pa kalatayo itanthauze kuti ndalandira ndi kuwerenga, osati ndatsimikiza kuti zonse ndi zoona. Ali ndi ufulu wolemba pansi pake kuti mulu wakuti sindinauyeze kulemera, kapena kuti mulu wofunditsidwa sindinauwerenge.

Ngati mwalowa pamalo popanda kalata, monga zinachitikira alamu anga, njira ilipo yoitolera nokha sabata yoyamba. Pitani kwa kashiya mupemphe malisiti a miyezi itatu, muwafananitse ndi buku la pageti: lisiti lililonse lopanda chotuluka ndi katundu wa mwini wake. Pemphani ku likulu ma LPO onse a depoti yanu, muwaike pambali pa ma GRN. Kenako khalani pansi ndi kapitawo wa amaganyu ndi mlonda wamkulu. Iwo ndi amene amadziwa lata lodontha, lole yofika usiku, ndi mapaleti amene anapita kwa aneba.

A Chamama aja anatenga matumba 165 tsiku limenelo, shopu ya pa Santhe n'kuuzidwa kuti idikire. Otsala 135 anawalandira patatha masiku 9, ndipo kampani inalipira galimoto yowapititsira, poti ulendo wachiwiriwo sunali kulakwa kwawo. Mvula yobzalira inali isanagwe. Alamu anagula kope lachikuto cholimba, ndipo Lachisanu lililonse asanatseke amalembamo oda zonse zosatha, zolowa ku tsamba lamanzere, zotuluka ku lamanja. Pa mulu wa kufupi ndi chitseko chachiwiri tsopano pamapachikidwa katoni yolembedwa dzina la mwini, chiwerengero, ndi tsiku limene analipira.